Mukaona Mzikiti Mwapitirira: Kulondolera Wobweretsa Katundu ndi Uthenga Umodzi

"Ndafika pa chigayo paja, mayi."

"Chigayo chiti, achimwene?"

"Chomwe munanena chija."

"Mukuuona mtengo wa mango?"

"Mitengo ya mango ndiye ilipo yambiri kuno."

Aliyense amene anaitanitsapo katundu pa foni m'mizinda yathu akuzidziwa zokambirana zoterezi. Mayi ali pa khonde, foni ili kukhutu, dzanja likuloza kumene mnzawoyo sakuona. Wa njinga yamoto waima m'mbali mwa msewu, chipewa chili m'manja, katundu ali kumbuyo, mayunitsi akutha. Onse awiri akunena zoona, koma sakumvana. Chigayo chimene mayiwo akunena ndi chakumtunda, pomwe mnyamatayo waima pa chakumunsi, ndipo palibe mwa iwo amene akudziwa kuti m'deralo muli zigayo ziwiri zoyang'ana msewu umodzi.

Zikafika apa timakonda kudzudzula wa kabaza kuti sadziwa tawuni. Nthawi zambiri vuto limakhala mu uthenga umene tinamulembera. Tinaulemba ndi maso a munthu amene wakhala m'deralo zaka khumi, pomwe woti auwerenge ndi mlendo amene akulowa m'njirayo koyamba, ali pa liwiro, ndipo akuzemba maenje.

Chifukwa chake timalondolerana ndi zizindikiro

Kwa zaka zambiri adiresi ya munthu m'Malawi inali bokosi la ku positi ofesi. Kalata imafikira m'bokosi la sukulu, la mpingo kapena la kuntchito, mwini wake n'kukaitenga. Panalibe chifukwa choti munthu wa mtengatenga adziwe khomo lanu. Bungwe la MACRA linayamba ntchito yopatsa misewu mayina, nyumba manambala, ndi madera manambala a positi a zilembo zisanu ndi chimodzi, ndipo m'madera ena zikwangwani zinaikidwa kale. Koma malonda a pa foni sanadikire kuti ntchitoyo ithe. Nsapato zogulidwa pa WhatsApp, chakudya cha masana, mankhwala a agogo, keke ya tsiku lobadwa, zonsezi zikuyenda lero pa njinga zamoto, ndipo woyendetsayo amadalira zimene mwamuuza.

Ku Lilongwe kuli msampha wina umene alendo amakodwa nawo. Mzindawu, umene unakhala likulu la dziko mu 1975, unagawidwa m'madera a manambala, koma manambalawo satsatana monga mmene maderawo anayalidwira. Area 23 ndi Area 24 ali kummwera, mbali ya Kawale, pomwe Area 25 ali kumpoto kwenikweni, kufupi ndi Kanengo. Amene angaganize kuti akafika ku 24 ndiye kuti 25 ali patsidya pomwepo adzadutsa mzinda wonse. Madera enanso ndi aakulu moti dzina lokha silithandiza. Area 18 ali ndi 18A ndi 18B, Area 47 anagawidwa m'masekita, ndipo Area 49 muli Gulliver, Shire ndi Dubai. Ku Blantyre nakonso, Machinjiri ali ndi madera ake a manambala, choncho "Area 10" ikhoza kukhala ku Lilongwe kapena ku Machinjiri. Ngati katundu akuchokera mumzinda wina, dzina la mzinda lisasowe mu uthenga.

Nambala ya puloti ndi yabwino kuilemba ngati inalembedwa pa geti. Ngati ili m'mapepala a nyumba okha, siimuthandiza munthu amene ali pamsewu.

Yambirani pamene iye akudziwa

Uthenga wabwino suyambira pakhomo panu. Umayambira pamalo amene wobweretsa katundu angafike popanda kufunsa munthu: msika waukulu, siteji ya minibasi, chipatala, sukulu ya boma, filing'i siteshoni, mlatho. Ku Blantyre mukatchula Kameza, Ginnery Corner kapena msika wa Ndirande, palibe wa kabaza amene angafunse kuti ndi kuti. Ku Lilongwe mukatchula Bingu Stadium, msika wa Nsungwi kapena Biwi, mwamuika kale pamsewu woyenera. Malo oyambirawa asankheni mosamala. Akhale amodzi okha m'dera lonselo, ndiponso akhale apafupi ndi kwanu mokwanira kuti pochoka pamenepo pasakhale pokhota poposa patatu.

Mukatchula malowo, nenani mbali imene munthuyo akuchokera. Apa ndi pamene mauthenga ambiri amagwera. Kumanja ndi kumanzere si malo okhazikika, zimatengera kumene nkhope yaloza. Msewu umene uli kumanja kwa munthu wochokera ku Kanengo uli kumanzere kwa wochokera ku Area 49. Inu mukamalemba mumaganiza za njira imene mumadzera pobwera kuntchito, koma wa njingayo mwina wayamba wasiya katundu kwina ndipo akulowa m'deralo kuchokera mbali inayo. Mawu atatu okha, "pochokera ku Kanengo", amathetsa chisokonezo chonsecho, chifukwa ngakhale atachokera kwina, adziwa kuti ayenera kutembenuza malangizowo.

Palinso cholakwika china chimene chimachitika osazindikira. Munthu amalemba ataima pa geti, akuyang'ana kumsewu, n'kufotokoza njira monga mmene amayendera pochoka pakhomo. Pamene iye amakhotera kumanja popita kumsika, wobwera kuchokera kumsika ayenera kukhotera kumanzere. Musanalembe, dziikeni pamalo oyambira aja m'maganizo, nkhope italoza kwanu, ndipo muyende njirayo mobwera.

Ena amakonda kunena kuti kumtunda kapena kumunsi. Mawu amenewa ndi abwino m'madera a mapiri ngati Ndirande, Chilomoni ndi Bangwe, kumene chitunda chimaoneka ndi maso ndipo njinga yomwe imachimva. Pamalo athyathyathya ngati mbali zambiri za Lilongwe, kumtunda kwa mwini dera n'kosaoneka kwa mlendo. Kummawa ndi kumadzulo nakonso kumathandiza m'mawa ndi madzulo, koma masana dzuwa lili paliwombo palibe amene angakuuzeni mwachangu kumene kuli kummawa.

Chizindikiro chimene mlendo angachione

Si chilichonse chimene inu mumachidziwa chingakhale chizindikiro. Pali zinthu zimene zili m'mitu ya anthu a m'dera zokha. "Pa nyumba ya aheadi akale aja." "Pamene panachitika ngozi ya lole." "Kwa a sing'anga." Zonsezi n'zoona, ndipo mwana aliyense wa m'deralo akhoza kukulozerani, koma palibe cholembedwa pakhoma chimene chinganene kwa mlendo kuti muno munkakhala mphunzitsi wamkulu.

Zofanana ndi zimenezi ndi mayina a zinthu zimene zinatha kale. Masitolo a PTC anatsekedwa, koma anthu akunenabe kuti "pa PTC". Mafiling'i siteshoni amene kale anali a BP anasanduka a Puma, ndipo achikulire ena amatchulabe dzina lakale. Raundabauti ya Area 18 inachotsedwa, m'malo mwake munabwera misewu yodutsana pamwamba ndi pansi. Mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inadulidwa pokuza msewuwo. Mnyamata amene wabwera m'tawuni chaka chatha kudzayendetsa njinga sanazionepo zinthu zimenezi. Ngati dzina lakalelo ndi limene anthu amaligwiritsabe ntchito pa siteji, lilembeni, koma muwonjezere chimene chilipo lero, mwachitsanzo "pa PTC yakale, pano pali sitolo ya matayala".

Zina ndi zoyenda. Mayi wogulitsa mandasi pa kona amaweruka. Minibasi yofiira imene imagona pamphambano imapita kukagwira ntchito. Mulu wa mchenga kapena njerwa umatha nyumba ikamangidwa. Benchi ya tomato imakhalapo Lachiwiri, Lamlungu palibe. Kanyumba ka Airtel Money kapena Mpamba sikayenda kawirikawiri, koma vuto lake ndi lina: tilipo tambirimbiri, tofiira ndi tobiriwira, nthawi zina titatu pamphambano imodzi. Chizindikiro chimene chili ndi anzake ofanana nacho pamsewu womwewo chimasocheretsa kuposa kusatchula kanthu, chifukwa munthu amakhota pa choyamba chimene wachiona, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti walondola.

Zodalirika ndi zimene sizisuntha, zimaonekera patali, ndipo zilibe mnzake pafupi. Mzikiti ndi nsanja yake. Tchalitchi chimene dzina la mpingo linalembedwa pa chikwangwani, ndipo mutchule mpingowo, popeza msewu umodzi ukhoza kukhala ndi matchalitchi asanu. Sukulu ya pulayimale. Thiransifoma ya ESCOM. Nsanja ya netiweki ya mafoni. Mjigo, kiyosiki ya madzi, thanki yapamwamba, manda, bwalo la mpira. Chigayo ndi chabwino chifukwa chimamvekanso ndi makutu, koma magetsi akazima chimangokhala nyumba ngati zina zonse, choncho tchulani mtundu wa penti yake kapena mawu amene analembedwa pakhoma.

Pali gulu lina la zizindikiro limene ambiri saliganizira, koma woyendetsa njinga sangaliphonye: zimene zili pamsewu penipenipo. Mahampu, kalavati, mlatho, pamene tala wathera n'kuyamba fumbi. Maso a woyendetsa amakhala pansi nthawi zambiri, ndipo zimenezi amazimva m'thupi ngakhale usiku. "Pothera tala" ndi chizindikiro champhamvu kuposa sitolo iliyonse.

Kumbukiraninso nyengo ndi nthawi. M'dzinja chimanga chimakula m'mapuloti opanda nyumba, n'kubisa mjigo umene m'chilimwe umaonekera patali. Kanjira kachidule kodutsa m'dambo kamene mumadzera mu Okutobala kamakhala matope okhaokha mu Febuluwale, ndipo ngati mukudziwa kuti mvula ikagwa njinga siwoloka, lembani njira yozungulira ngakhale ndi yaitali. Kunja kukada, geti la buluu, lobiriwira ndi lakuda onse amaoneka akuda. Katundu akamabwera dzuwa litalowa, m'malo mwa mtundu tchulani chimene chikuwala: babu la pa geti, golosale imene imatseka mochedwa.

"Pafupi" si muyeso

Tonse timadziwa kuti munthu wa kumudzi akati "ndi pompano" mukhoza kuyenda mpaka thukuta. M'tawuni vuto limatembenuka. Inu mumayenda pansi kuchoka pa siteji, ndipo mumati ndi ulendo wa mphindi zisanu. Munthu woyenda pansi amatha mamita pafupifupi 400 pa mphindi zisanuzo. Njinga yamoto imene ikuyenda pa liwiro la makilomita 30 pa ola imatha mamita 500 pa mphindi imodzi yokha. Mukamuuza wa njinga kuti ayende mphindi zisanu, iye akadzayamba kuyang'ana chizindikiro chanu adzakhala atapitirira ndi makilomita awiri.

Choncho nenani mtunda, osati nthawi. Simukufunika tepi yoyezera. Bwalo la mpira ndi lalitali mamita pafupifupi 100, ndiye dzifunseni kuti pakati pa msika ndi pokhotera pangalowe mabwalo angati. Mukalakwitsa pang'ono palibe kanthu. Chofunika n'chakuti munthuyo adziwe ngati akuyembekezera kukhota pompano kapena patsogolo ndithu.

Kuwerenga misewu, monga "msewu wachitatu kumanja", kumagwira ntchito m'madera oyalidwa bwino ngati Area 47 kapena Namiwawa, kumene msewu ndi msewu. Ku Mtandire, Chinsapo kapena Mbayani, pakati pa nyumba pali tinjira tambiri, ndipo kamene inu simukawerengera chifukwa n'kolowera pa bafa la aneba, mlendo amakawerenga. M'madera otere pokhota paliponse pakhale ndi chinthu chooneka, osati nambala yokha.

Tiyese ndi nyumba imodzi

Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 25 amene wagula nsalu kwa wamalonda wa mu Old Town, ndipo wa njinga yamoto ndiye abweretse. Msika wa Nsungwi ndi weniweni, koma nyumba ndi tinjira ta m'chitsanzochi tangozipeka kuti tiphunzirirepo. Uthenga woyamba umene mayiwa alemba ndi uwu:

"Ndimakhala ku 25 kufupi ndi Nsungwi. Mukafika mungolowa njira ya kuchigayo, mutsike pang'ono, pali mayi ogulitsa makala, nyumba yathu ndi ya mpanda wa njerwa moyang'anizana ndi kwa abusa. Mukasochera imbani."

Kwa mwini wake uthengawu ndi womveka bwino. Kwa mlendo, mzere uliwonse uli ndi funso. Afike pa Nsungwi kuchokera mbali iti? Njira ya kuchigayo ili kumanja kapena kumanzere, ndipo chigayocho chimaoneka ali pamsewu waukulu? Pang'ono ndi mamita angati? Mayi a makala akapita kumaliro tsiku limenelo? Mipanda ya njerwa ndiye ili paliponse, ndipo nyumba ya abusa ilibe mtanda padenga. Mawu omaliza aja, "mukasochera imbani", akusonyeza kuti wolembayo akudziwa kale kuti munthuyo asochera.

Tsopano mayi omwewo ayende njirayo m'maganizo kuchokera pamsika, akuyang'ana ngati mlendo:

"Area 25, Lilongwe. Yambirani pa msika wa Nsungwi pochokera ku Kanengo. Yendani mamita 500, mukhote kumanja pa chigayo cha buluu. Mukawoloka kalavati, khotani kumanzere pa kiyosiki ya madzi. Geti lachitatu kumanja, lakuda, pali mtengo wa mango. Mukaona mzikiti mwapitirira. Funsani Amake Chisomo."

Onani mmene wayendera. Chiganizo chilichonse chili ndi ntchito imodzi, ndipo zikutsatana monga mmene zinthuzo zidzaonekere pamsewu. Pokhota pali pawiri pokha, ndipo paliponse pali chinthu chimodzi chooneka. Kalavati ija si pokhotera, koma yaikidwapo dala kuti munthuyo akaiwoloka mtima ukhale pansi kuti ali m'njira yoyenera. Mtengo wa mango, umene pawokha sungathandize, pano ukugwira ntchito chifukwa wabwera pamapeto, pamene mageti otsala oti asankhepo ndi atatu okha. Apa kuwerenga n'kotheka popeza mageti ndi ochepa ndipo mbali yatchulidwa.

Chiganizo cha mzikiti ndi chimene ine ndimachiona chofunika kuposa zonse, ndipo n'chimene chimasowa m'mauthenga ambiri. Malangizo athu amangonena zimene munthu aone akalondola, osanena zimene aone akalakwitsa. Wa njinga akaphonya geti sadziwa kuti waphonya. Amangopitirira, akuyembekezera kuti geti lakuda lili patsogolo, mpaka atatulukira dera lina. Mukamupatsa malire, chinthu chachikulu chimene chili patsogolo pang'ono pa nyumba yanu, kulakwitsa kwake kumathera pa mamita ochepa. Amatembenuka yekha osaimba foni. Ngati pali pokhota pamene alendo anu ambiri amaphonya, ikaninso malire pamenepo.

Dzina la kumapeto nalonso lasankhidwa mwanzeru. Pa risiti ya wamalonda pakhoza kulembedwa dzina la pa chiphaso, koma m'dera anthu amadziwana ndi mayina a ana, a ntchito kapena a mfunda. Wa njinga akaima pa kiyosiki n'kufunsa dzina la pa chiphaso, amayi otunga madzi adzayang'anana. Akafunsa Amake Chisomo, mwana adzathamanga kutsogolo kwa njinga kukamulozera. Lembani dzina limene aneba amakuitanirani.

Ngati mumakhala m'mpanda wa nyumba zambiri za lendi, geti si mathero a ulendo. Onjezerani kuti ndi khomo liti: "nyumba yakumbuyo, chitseko chobiriwira". Ngati pali agalu, nenani, ndipo munene chochita: aimbe belu, agogode, kapena ayimbe foni ali panja.

Kufupika kwake

Wina angafunse kuti bwanji osangolemba zonse, golosale iliyonse ndi mtengo uliwonse, kuti munthuyo asasowe kanthu. Yankho lili pa mmene uthengawo umawerengedwera. Woyendetsa njinga sawerenga akuyenda, ndipo sitikufuna kuti atero. Amaima, n'kutulutsa foni m'thumba, nthawi zambiri kafoni ka mabatani kokhala ndi galasi laling'ono, dzuwa likuwala pagalasipo. Amawerenga, n'kusunga m'mutu zinthu ziwiri kapena zitatu, n'kubweza foni m'thumba. Mukamupatsa zizindikiro khumi, sadziwa kuti chofunika ndi chiti, ndipo chizindikiro cha pokhotera chimamira pakati pa zokongoletsa. Tchulani chinthu pokhapokha pamene munthu ayenera kusankha njira, kapena pamene msewu watalika moti angayambe kukayika.

Pa SMS palinso malire enieni. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Ukapitirira, foni imaugawa m'zigawo za zilembo 153, ndipo mumalipira chigawo chilichonse. Uthenga wa Amake Chisomo uja uli ndi zilembo zosakwana 300, choncho ukukwana m'zigawo ziwiri. Koma mukaikamo kachithunzi kakumwetulira, kapena chilembo cha ŵ chokhala ndi kadenga pamwamba, foni imasintha kalembedwe ndipo uthenga umodzi umangonyamula zilembo 70. Uthenga womwe uja ukhoza kusanduka zigawo zisanu. Polondolera munthu, lembani zilembo wamba.

Malonje asakhale aatali. "Muli bwanji achimwene" ndi ulemu wokwanira, ndipo mukhoza kuutumiza pawokha kuti malangizo akhale mu uthenga wawo woyera, umene munthu angautsegule n'kuona njira nthawi yomweyo. Pewaninso kudula mawu mwa chizolowezi cha achinyamata. Mukafupikitsa "kumanja" ndi "kumanzere" mpaka kufanana, mwapulumutsa zilembo zinayi n'kutaya munthu.

Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ndi wokoma kwa wotumiza, koma ndi wovuta kwa wolandira. Pamsewu pali phokoso, ndipo kuti amvenso pokhota pachiwiri ayenera kusakasaka pamene pali mawuwo mu uthengawo. Komabe alipo oyendetsa ena amene kuwerenga kumawavuta, ndipo sanganene okha. Mukaona kuti munthu akungoimba ngakhale mwamulembera bwino, musamukalipire. Muuzeni pakamwa chiganizo chimodzi chimodzi, afike pa chigayo, aimbe, kenako mumuuze chotsatira.

Nanga mapu a pa foni?

Ngati nonse muli ndi mafoni amakono ndi bandulo, tumizani malo anu pa WhatsApp. Mumadina chizindikiro chotumizira zinthu, n'kusankha `Location`, kenako `Send your current location`. Chitani zimenezi mutaima panja pa geti, osati m'chipinda, chifukwa denga la malata ndi makoma zimasokoneza GPS. Foni imaonetsa kuti ikulondola mpaka mamita angati, ndiye dikirani kanthawi kuti nambalayo itsike musanatumize. Kumbukirani kuti chimene chimapita ndi pamene mwaima nthawi imeneyo. Mukatumiza muli kuntchito, katundu adzapita kuntchito.

Ngakhale kadontho ka pa mapu kakhale kolondola, sikalowa m'malo mwa mawu. M'madera othithikana, kulakwitsa kwa mamita 20 kukhoza kumuika munthu kuseri kwa mpanda wanu, m'kanjira kena kamene sikalumikizana ndi geti lanu. Mapu sadziwa kuti kalavati inakokoloka sabata yatha, ndipo tinjira tina sitinajambulidwe n'komwe. Kadonthoko kamamufikitsa m'dera, mawu ndi amene amamufikitsa pakhomo. Chithunzi cha geti chojambulidwa muli kumsewu, mbali imene iye adzachokere, chimathandizanso kwambiri.

Zosayenera kulowa mu uthenga

Uthenga wolondolera umayenda m'manja ambiri. Mumatumizira wamalonda, iye amatumizira wa njinga, ndipo wa njingayo akatanganidwa amapatsira mnzake wa pa siteji. Choncho musalembemo kuti pakhomo sipakhala munthu masana, kuti kiyi ali pansi pa mwala, kapena kuti mwana ali yekha. Ngati simudzakhalapo, tchulani munthu wamkulu amene alandire ndi nambala yake, mutamupempha kaye. Ngati simukufuna kuti munthu wosamudziwa adziwe khomo lanu, kapena njira ya kwanu ili ndi pokhota poposa patatu, palibe cholakwika kuthera malangizo pa chizindikiro chachikulu n'kukakumana naye pamenepo. Mukasankha zimenezi, nenani mbali ya msewu imene mudzaime ndi chimene mwavala, ndipo mufikepo iye asanafike. Nthawi imene waima kudikira inu ndi ulendo wina umene wautaya.

Foni yanu ikhale yoyaka ndiponso pafupi. Ngati muli ndi manambala awiri, wa Airtel ndi wa TNM, perekani onse, chifukwa netiweki imodzi ikhoza kuvuta, komanso woyendetsayo angakonde kuimba pa imene ili yotchipa kwa iye. Akaimba kuti wasochera, funso loyamba lisakhale "muli kuti?", popeza akanadziwa sakanaimba. Mufunseni kuti akuona chiyani kutsogolo kwake, ndiponso chimene wangodutsa. Mayankho awiriwo akuuzani pamene ali ndi kumene nkhope yake yaloza, ndipo mukatero mukhoza kunena kumanja kapena kumanzere molondola.

Uthenga wotere sulembedwa katundu ali kale m'njira, mtima uli m'mwamba. Ulembeni lero. Mawa pobwera kunyumba tsikirani pamalo oyambira aja, muyende njirayo foni ili m'manja, muone ngati chigayo chikadali cha buluu ndiponso ngati geti lanu ndi lachitatudi. Kenako mupatseni mnzanu amene sanafikepo kwanu kuti awerenge, akuuzeni pamene wakayika, mukonze pamenepo. Mukatero usungeni m'foni, ndipo muziuonanso mvula ikayamba, msewu ukakonzedwa, kapena aneba akapenta geti lawo mtundu wofanana ndi lanu.